Musatumize ndalama pa uthenga wa ana amasiye a ku Kanyama

A Banda (mlembi), 06:10
Mwauka bwanji abale ndi alongo. Werengani uthengawu mpaka kumapeto musanayankhe.

Dzulo cha m'ma 9 usiku, pagulu pano panabwera uthenga wochokera pa nambala ya Amayi Mwale, apampando a Chigwirizano. Unkati nyumba ina yosungira ana amasiye ku Kanyama muno mu Lusaka yalowa madzi, ana 43 akugona pansi, ndipo pakufunika K18,000 lisanafike Loweruka yogulira matilesi, mabulangete ndi ufa. Panali zithunzi zitatu ndi nambala yotumizako ndalama.

Uthengawo ndi wabodza, ndipo sanalembe ndi Amayi Mwale. Ndalankhula nawo m'mawa uno, pakamwa, kudzera pa foni ya mwana wawo. WhatsApp yawo inawatsekera kunja dzulo madzulo ndipo pakali pano ili m'manja mwa munthu wina. Chilichonse chomwe chikubwera ndi dzina ndi chithunzi chawo akulemba ndi wakubayo.

Musatumize ndalama, ndipo musaupititse ku magulu ena. Ngati munaupititsa kale, bwererani komweko mukawauze kuti ndi wabodza. Nambala ya Amayi Mwale ndaichotsa pagulu pano kwa kanthawi, musadabwe. Amene munatumiza ndalama, musachite manyazi, nenani kuti tidziwe kukula kwa bala.

Amayi Zulu, 06:14
Mayo ine! A Banda mukuti chiyani? Ine ndinatumiza K500 usiku womwewo. Inali ya oda ya tomato, ndimati ndikagula lero ku msika wa Soweto. Ndinaona ana aja ali m'matope mtima unandisweka.

Amayi Zulu, 06:15
Ndipo anandiyankha kuti "Mulungu akudalitseni amake Tadala." Wakuba angadziwe bwanji dzina la mwana wanga?

Chikondi, 06:21
Pepani kwambiri amayi. Taonani dzina lomwe munalemba pa WhatsApp yanu, ndi "Amake Tadala". Aliyense amene alibe nambala yanu m'foni mwake amaona dzina lomwelo pambali pa uthenga wanu. Sanachite kufufuza, anangowerenga.

Koma zina tikamba bwino. Panopa chitani ichi mwamsanga, musanatereke ndi madzi a tiyi omwe. Pezani meseji yomwe inabwera mutatumiza ndalama. Muli nambala yaitali ya zilembo ndi manambala, pamalembedwa Transaction ID kapena Txn ID. Imbani 111 pa laini yomwe munatumizirayo, muwauze kuti mwaberedwa, muwawerengere nambala imeneyo, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Ngati ndalamazo zidakali mu akaunti ya wolandirayo angathe kuzigwira. Ngati anatapa kale, palibe choti abweze. Meseji imeneyo musaifufute.

Amayi Zulu, 06:23
Ndikuimba mwana wanga. Manja akunjenjemera.

A Daka (msungichuma), 06:30
Enanu amene munatumiza, ndilembereni kumbali ngati simufuna kutchulidwa pano. Ndikufuna dzina, ndalama, nthawi ndi chithunzi cha meseji ija. Anthu atatu andilembera kale.

A Lungu, 06:44
Ine sindinatumize, koma ndinatsala pang'ono. Chomwe chinandikopa ndi pepala lija anaika kumapeto, satifiketi yokhala ndi chidindo. Ndinagwira ntchito m'boma zaka 31, chidindo ndimachidziwa. Bungwe likakhala ndi satifiketi ndiye kuti linalembetsedwa, ndipo boma lili ndi maina a eni ake. Ndiye ine ndikuona kuti mwina nyumbayo ilipodi, koma wakubayo wangokwera pamsana pake. Tisafulumire kunena kuti zonse ndi bodza, ana angakhale akuvutikadi ife tili pano.

Mabvuto, 06:52
Atate a Lungu, mwaulemu, tatsegulani chithunzi chachiwiri muchikulitse ndi zala. Kumbuyo kwa nyumba zogumukazo kuli phiri, ndipo matope atsika kuchokera pamwamba pamodzi ndi miyala ikuluikulu. Kodi ku Kanyama kuli phiri? Tonse timadziwa kuti Kanyama ndi thyathyathya. Madzi a kumeneko sathamanga, amangodzaza n'kukhala chifukwa pansi pali thanthwe. Munthu amayenda m'madzi ofika m'mawondo, koma sakokoloka ndi matope ochokera kumwamba.

Ndachiika chithunzicho mu Google Lens. Chatuluka pa masamba a nkhani a m'mwezi wa Marichi 2023. Ndi ku Chilobwe ku Blantyre, nthawi ya namondwe Freddy. Phiri lija ndi Soche.

Amayi Sakala, 06:55
Ndi zoona! Ine ndinachiyang'ana usiku ndikumva ngati malowa ndikuwadziwa. Achemwali anga amakhala cha komweko, nthawi imene ija tinkatumizirana zithunzi zotere tsiku ndi tsiku. Ha, anthu alibe mantha. Kutenga maliro a eni ake n'kumadyerapo.

A Lungu, 07:03
Chabwino, chithunzi ndavomera. Nanga satifiketi?

Mabvuto, 07:08
Satifiketi yomwe ili pa foni si pepala, atate, ndi chithunzi cha pepala. Munthu atenga ya bungwe lina, afufuta dzina, alemba lake, mphindi khumi watha. Chidindo chimasamuka pamodzi ndi chithunzicho osasintha. Pa yathuyi taonani bwino, zilembo za dzina ndi zakuda bii, pomwe zina zonse papepalalo ndi zotuwa ngati zofotokopedwa kawiri.

A Banda (mlembi), 07:15
Ndionjezerepo, popeza mapepala a mpingo ndimayenda nawo ndine. A Lungu akunena zoona kuti mabungwe amalembetsedwa. Mipingo imalembetsa kwa Registrar of Societies, makampani ku PACRA, ndipo mabungwe othandiza anthu ali ndi lamulo lawo la 2009, pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera. Munthu angathe kupita kukafunsa ngati bungwe lakuti lilipo. Koma ngakhale akuuzeni kuti lilipo, funso lomwe latipweteka ife silinayankhidwe: kodi nambala yomwe ndalama zikupitayo ndi ya bungwelo? Wakuba angatchule bungwe lenileni, la adiresi yeniyeni, n'kungosintha nambala yokha pansi.

Chikondi, 07:24
Apo a Banda mwalasa. Ine pa buthu yanga yotumizira ndalama ku Kamwala izi ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Mukamatumiza ndalama, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel, mumalemba nambala, kenako ndalama. Musanalembe nambala yanu yachinsinsi, foni imakuonetsani mzere wonena kuti mukutumiza ndalama zakuti kwa wakutiwakuti. Anthu ambiri mzere umenewu sawerenga. Chala chimakhala chathamangira kale kukalemba PIN. Komatu pa zonse zomwe mwaona mu uthenga wopempha, mzere umenewu wokha ndi womwe wopemphayo sanalembe yekha. Zithunzi ndi zake, nkhani ndi yake, satifiketi ndi yake. Dzinalo limachokera ku kampani ya foni.

Usiku uja ine ndinayesa. Ndinalemba nambala ija, ndinaika K1, ndinafika pa mzere wa dzina n'kusiya osamaliza. Kutero sikudya ndalama. Panatuluka dzina la mwamuna, osati la Amayi Mwale, osati la nyumba ya ana. Ndinalemba kumbali kufunsa kuti amayi, dzinali ndi la ndani? Yankho linabwera msangamsanga kuti ndi mlonda wa panyumbapo, akaunti ya bungwe yadzaza. Ndinaimba foni, sinayankhidwe. Ndinaimbanso, anadula n'kulemba kuti "ndili m'mapemphero". Apo ndinadziwa kuti pali chinachake, koma inali 11 koloko, ndinati ndiwauza a Banda m'mawa. Ndikudziimba mlandu, ndikanalemba pagulu nthawi yomweyo.

Amayi Sakala, 07:27
Usadziimbe mlandu mwanawe. Ukanalemba usiku uja kuti apampando akunama, tonse tikanakudzudzula kuti ulibe ulemu.

A Daka (msungichuma), 07:40
Mpaka pano anthu ndi 7. Ndalama zake: K1,000, K500, K300, K200, K150, ndi awiri a K100. Zonse pamodzi K2,350. Chomwe ndaona pa zithunzi za mameseji ndi chakuti nambala si imodzi. Anayi oyamba anatumiza pa nambala yomwe inali mu uthenga wa pagulu. Atatu enawo analemberedwa kumbali cha m'ma 10 koloko kuti nambala yoyamba ili ndi vuto la netiweki, atumize pa ina. Dzina la pa nambala yachiwiriyo ndi la mkazi.

Chikondi, 07:44
Ndi momwe amachitira. Sasunga ndalama pa laini imodzi. Zikangolowa amazikankhira ku nambala ina kapena amatuma munthu kukatapa pa buthu, zochepazochepa, malo osiyanasiyana. Amadziwa kuti laini yoyambayo wina aidandaulira ndipo itsekedwa.

Agogo Nyirenda, 07:50
Ana anga ine ndamva kuti a Banda akuti tisapereke pini. Inetu ndinalonjeza pini imodzi ya denga la tchalitchi ndipo theka ndinapereka kale kwa a Daka. Ndiye yotsalayo ndisapereke?

Mabvuto, 07:52
Agogo mwatiseketsa pa tsiku loipa. Pini yanu ya K1,000 ya denga ija ndi ina, perekani ndithu, a Daka akuidikira. Yomwe tikukamba apa ndi nambala yachinsinsi ya mu foni.

Agogo Nyirenda, 07:58
Oho. Imeneyo amadziwa ndi mdzukulu wanga, ine sindiidziwa.

Chikondi, 07:59
Agogo, imeneyonso ndi nkhani, koma tikambirana Lamulungu tikaweruka.

Amayi Zulu, 08:12
Ndawapeza. Andipatsa nambala ya dandaulo, akuti afufuza, koma anena mosabisa kuti mu akaunti ija mulibe kanthu, zinatuluka usiku womwewo. Akuti ndipitenso kupolisi. Basi, K500 yapita. Lero pa tebulo panga palibe tomato.

A Lungu, 08:20
Musataye mtima amayi. Masiku ano simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi NRC, ndi chithunzi cha nkhope chomwe. Dzina tili nalo. Apolisi akangopita ku kampani ya foni, munthuyo agwidwa sabata isanathe. Ndipo ine ndikuti dzina lakelo tiliike pano ndi pa magulu onse, anthu amudziwe.

Chikondi, 08:31
Kupolisi tipitedi atate, koma dzina tisalimwaze. Ndinene chifukwa.

Zoti simu khadi imalembetsedwa ndi NRC ndi zoona. Koma wakuba wochenjera sagwiritsa ntchito yake. Pali anthu omwe anataya NRC, ena anasiya fotokope kwa munthu amene anawalonjeza ntchito kapena ngongole, ena anapatsidwa K50 kuti alembetse laini n'kuipereka. Chaka chatha pa buthu panga panabwera amayi ena okalamba, ogulitsa makala, akulira. Anthu anawapeza kunyumba kuti abweze ndalama zomwe anaba. Amayiwo kulemba meseji komwe sadziwa. Titayang'ana tinapeza kuti pa NRC yawo pali malaini anayi, iwo akudziwapo imodzi yokha. Ndiye dzina lomwe tili naloli lingakhale la wakuba, lingakhalenso la munthu amene waberedwa kuposa ife. Tikaliika pa magulu, anthu a m'komboni sadzafunsa zambiri.

Nonsenu yesani `*101#` pa foni yanu kuti muone za kalembetsedwe ka laini yanu. Mukakayikira kuti pali laini yomwe simukuidziwa pa NRC yanu, pitani nayo ku ofesi ya kampaniyo akaitseke.

A Lungu, 08:40
Hmm. Ndamva. Komabe ine ndikuti chilungamo chimayamba ndi dzina. Tikamabisa chilichonse, anthuwa amakula mtima. Nambala zokhazo bwanji, popanda maina?

A Banda (mlembi), 08:45
Nambala ziwirizo ndazipereka kwa alembi a magulu ena kuti achenjeze anthu awo. Maina apita kupolisi kokha. Ndazidandauliranso ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, pa `*707#`, ndipo aliyense amene analemberedwa kumbali achite chimodzimodzi. A Lungu, za maina tikambirana ku bwalo la akulu, pano tisakokane.

Amayi Mwale (pa foni ya mwana wanga), 09:05
Abale anga, ndine Amayi Mwale, ndikulemba pa foni ya mwana wanga Esinati, a Banda andilowetsa. Sindinagone. Manyazi andigwira moti sindikudziwa kuti Lamulungu ndidzalowa bwanji m'tchalitchi.

Ndikuuzeni momwe zinayendera kuti wina asagwe m'mbuna yomweyi. Dzulo cha m'ma 5 ndikusenda mbatata, anandiimbira mwamuna wolankhula bwino, mwaulemu. Anandipatsa moni wa mu mpingo, anati akuimba kuchokera ku likulu, akukonza msonkhano wa amayi wa pa intaneti ndipo apampando onse ayenera kulembetsa. Anati mulandira meseji ya manambala 6, mundiwerengere kuti ndikuikeni pa mndandanda. Meseji inabweradi ali pa foni pomwepo. Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinawerenga. Anathokoza, anadula. Nditatsegula WhatsApp inandiuza kuti nambala yanga yalembetsedwa pa foni ina. Ine ndinaganiza kuti ndi mabandulo atha, ndinati ndiona mawa.

Amake Tadala, ndikhululukireni. Mwataya ndalama chifukwa munakhulupirira dzina langa.

Amayi Zulu, 09:09
Iyayi amayi, musalire. Inu simunadye ndalama yanga. Tonse atipusitsa.

Mabvuto, 09:18
Amayi, manambala 6 amene aja ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Munthuyo anatsegula WhatsApp pa foni yake n'kulemba nambala yanu ngati kuti ndi yake. WhatsApp inatumiza manambalawo kwa mwini laini, amene ndi inu, kuti itsimikize. Iye sakanatha kuwaona, n'chifukwa chake anachita kukuimbirani. Meseji yomweyo imanena kuti musauze munthu wina, koma imabwera m'Chingerezi ndipo munthu ali kukhutu akukufulumizitsani.

Akalowa, mauthenga anu akale sawaona, amenewo ali mu foni yanu. Koma magulu onse omwe mulimo amawaona, pamodzi ndi nambala za anthu onse. Ndiye muganize, muli m'magulu angati?

Amayi Mwale (pa foni ya mwana wanga), 09:22
Lino, la Chigwirizano, la kwaya, la chilimba, la banja la kumudzi ku Katete, ndi la makolo a kusukulu. Mayo, la chilimba!

Mabvuto, 09:30
Imbirani wina mmodzi m'gulu lililonse pompano, achenjeze anzake ndipo adimini akuchotseni kaye. Muyambe ndi la chilimbalo, kumeneko anthu anazolowera kutumiza ndalama osafunsa.

Kenako tiibweze. Simu khadi ili ndi inu, ndiye mphamvu ili ndi inu. Esinati akuthandizeni: tsegulani WhatsApp pa foni yanu, lembani nambala yanu, mudikire meseji ya manambala 6 atsopano, muwalembe. Mukangotero wakubayo amatulutsidwa. Pali zovuta ziwiri zomwe mungakumane nazo. Mwina ikuuzani kuti mudikire maola angapo musanapemphe manambala ena, chifukwa iye amayesa dala kambirimbiri kuti akutsekerezeni. Mwinanso ikufunsani PIN ina yomwe inu simunaikepo, kutanthauza kuti waika yake. Zikatero mudikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN imeneyo, koma iye amakhala atatuluka kale kuyambira pomwe mwalemba manambala a pa meseji aja.

Enanu nonse, ikani yanu wakuba asanakuikireni:

```
Settings > Account > Two-step verification
```

Musankhe manambala 6 anuanu, osati chaka chobadwa. Ikakhalapo imeneyo, ngakhale mutapusitsidwa n'kuwerengera munthu manambala a pa meseji, salowa.

Amayi Sakala, 09:41
Ine ndili ndi nkhawa ina, mundikhululukire ngati ndikupatuka. Ndikuona kumene nkhaniyi ikupita: mawa tidzamva kuti pagulu pano pasabwerenso pempho lililonse, ndiponso kuti dzina likasiyana osatumiza. Koma kumbukirani nthawi ya kolera, Januwale 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium. Mlongo wathu wina wa ku Garden mwamuna wake anali komweko, pakhomo palibe ndi makala omwe. Analibe foni, anapempha kudzera pa nambala ya neba. Dzina linali losiyana, nkhani inali yofulumira, ndipo inabwera usiku. Zizindikiro zonse zomwe mukunenazi zinalipo, koma inali yoona. Tikanatsata lamulo la Chikondi ana aja akanagona ndi njala. Osauka enieni ambiri alibe laini ya dzina lawo.

Chikondi, 09:50
Amayi mukunena zoona, ndipo ine sindikuti dzina likasiyana ndiye kuti ndi wakuba. Ndikuti likasiyana, imani, mufunse. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli apa: ya ku Garden ija, a dikoni anakwera basi m'mawa mwake, anakapeza mayiyo pakhomo, anamuona nebayo ndi maso. Panali khomo loti munthu n'kugogoda. Ya dzuloyi inati "ku Kanyama" basi. Kanyama yake iti? Pafupi ndi chiyani? Kanyama ndi dziko lalikulu. Ndipo mwini pempho anakana kuyankha foni kawiri. Wovutika weniweni ukamuimbira amayankha isanalire kachiwiri.

Amayi Sakala, 09:56
Nanga pempho likachokera kumudzi, ku Chadiza kapena ku Lundazi, a dikoni akwera basi? Si zonse zomwe zili ndi khomo lapafupi.

A Daka (msungichuma), 10:04
Kumudzi kuli mipingo yathu, kuli abusa ndi akulu omwe tingawaimbire pa nambala zomwe tili nazo kale, osati zomwe zalembedwa mu uthengamo. Ine maganizo anga ndi akuti pempho lililonse lizidutsa kwa mlembi, ndipo ndalama zizibwera pa nambala imodzi ya mpingo, ine ndizilemba m'buku ndi kupereka risiti. Likatsimikizika, mpingo ndi womwe uzitumiza.

Amayi Sakala, 10:08
A Daka, ndi ulemu wonse, thandizo la maliro a mwezi watha linatenga masiku 9 kuti lituluke m'buku mwanumo. Anthu anali atabwerako kale kumanda.

A Daka (msungichuma), 10:11
Osayina anali awiri ndipo mmodzi anali ku Chipata. Si ine ndinaika lamulo limenelo.

A Lungu, 10:19
Apa pokha ndili mbali ya Amayi Sakala. Tikaunjika zonse pa munthu mmodzi, tsiku lomwe adzabe WhatsApp ya a Daka tidzalira kuposa lero, chifukwa tonse tidzakhala titaphunzitsidwa kuti a Daka akanena, tumizani.

Chikondi, 10:24
N'chifukwa chake nambala ya mpingoyo ilembedwe pa bolodi m'tchalitchi ndi penti, ndipo ilengezedwe pa guwa pamodzi ndi dzina lomwe limatuluka. Uthenga uliwonse wonena kuti "nambala yasintha" kapena "akaunti yadzaza, tumizani pa iyi" tiziuyesa wabodza mpaka titamva pakamwa. Ngakhale utachokera pa foni ya abusa.

Abusa, 10:40
Ngakhale ya ine, inde. Ndawerenga zonse, ana a Mulungu. Amayi Mwale, Lamulungu mudzakhale pa mpando wanu wa masiku onse, palibe amene akukulozani chala. Za dongosolo la mapempho, mfundo ya Amayi Sakala ndi yolemera ndipo sindikufuna tiithamangire pa foni. Akulu ndi madikoni tikumane Loweruka 2 koloko masana, Chikondi ndi Mabvuto mubwere nawo. Ena andifunsa kumbali ngati mpingo ungabwezere omwe ataya ndalama. Sindingalonjeze, thumba la mpingo lili ndi eni ake, tikambirana komweko.

Amayi Sakala, 10:46
Za thumba zidikire Loweruka, koma tomato wa amake Tadala sangadikire. Amayi a Chigwirizano, amene angathe K20 kapena K50, tionane pa tchalitchi 5 koloko lero. Pamanja, osati pa foni.

Amayi Zulu, 10:49
Mwandiliza kachiwiri. Zikomo amayi.

A Banda (mlembi), 11:02
Onse 7 amene munatumiza, tikumane pa geti la tchalitchi 2 koloko lero tipitire limodzi kupolisi, dandaulo likhale limodzi. Tengani NRC ndi foni yomwe munatumizira, meseji ija ilimo. Amayi Mwale mubwerenso, nambala yomwe inakuimbirani dzulo musaifufute. Amene ali ku ntchito anditumizire chithunzi cha meseji ndi nambala ya dandaulo yomwe apatsidwa pa 111.

A Daka (msungichuma), 11:20
Akhala 8. Wina wandilembera tsopano, K250, anatumiza lero 7 koloko m'mawa uthenga wa a Banda asanauwerenge. Zonse pamodzi K2,600. Chikondi, ya m'mawa uno mwina n'kupezeka?

Chikondi, 11:22
Aimbe 111 pompano, asadikire za 2 koloko. Anatumiza pa nambala iti, yoyamba kapena yachiwiri?

A Daka (msungichuma), 11:25
Yachitatu. Iyi sitinaione.

Amayi Mwale (pa foni ya mwana wanga), 11:38
Manambala abwera, Esinati walemba. Tsopano ikufunsa PIN yomwe ine sindikuidziwa. Ndiye ndi masiku 7 aja?

Mabvuto, 11:40
Eya amayi, koma iye watuluka, sangalembenso m'dzina lanu. Musayeseyese kulota manambala, ingoisiyani. Ndipo wina akakuimbirani kuti ndi wa ku WhatsApp akufuna kukuthandizani kuibweza, dulani, ndi omwewo.

Agogo Nyirenda, 11:57
Ana anga, pali mwamuna wandiimbira tsopano apa, waulemu kwambiri, akuti ndi wa ku likulu, za msonkhano wa amayi. Akuti kubwera meseji. Ndamuuza kuti magalasi ndaiwala kuchipinda, aimbenso pakapita mphindi khumi. Ndimuuze chiyani?

Chikondi, 11:57
Agogo musayankhe! Musawerenge chilichonse!

Mabvuto, 11:58
Tumizani nambala yake kwa a Banda. Ndili pa Mtendere, ndikubwera kwanu komweko.